Kukonza chidule cha mafomu obwezera ndalama: magulu, ovomereza ndi malisiti osowa

Mwezi ukamatha, mafomu opempha kubwezeredwa ndalama amaunjikana pa desiki. Ena malisiti awo ndi omata bwino, ena angopindidwira mkati, ena alibiretu kalikonse. Mkulu wa zachuma sangawerenge pepala lililonse, n'chifukwa chake amakupemphani chidule. Akachitenga m'manja amafuna adziwe zinthu zitatu: ndalamazi zapita ku chiyani, anavomereza ndani, ndipo ndi ziti zimene zilibe umboni. Pomaliza pake akhale atadziwa zoti alipire lero ndi zoti ayambe waimitsa.

Njira imene ndikufotokoza pano yagona pa mfundo imodzi. Mupange tebulo limodzi lokha, kenako mulione kuchokera mbali zitatu, ndipo mbali zitatuzo zithere pa chiwonkhetso chimodzi. Zikasiyana ngakhale pang'ono, chidulecho sichinakwane, musachipereke. Ndigwiritsa ntchito Excel pofotokoza, koma mafomula omwewa amagwiranso mu Google Sheets. Pa makompyuta ena mkati mwa fomula mumaika `;` pamene ine ndaika `,`.

Choyamba: werengani mafomu musanayatse kompyuta

Tengani mulu wonse, muupatse manambala motsatana: F01, F02, mpaka yomaliza. Pa fomu iliyonse pali chiwonkhetso chimene mwini wake analemba m'munsi. Phatikizani ziwonkhetso zimenezo ndi kakyuleta, ndipo mulembe pa kapepala zinthu ziwiri: mafomu alipo angati, ndipo onse pamodzi akupempha zingati. Kapepalako kamateni pambali pa kompyuta.

Ambiri amalumpha gawoli poti amati kompyuta iphatikiza yokha. Iphatikizadi, koma iphatikiza zimene mwailowetsa. Fomu ikatsalira pansi pa faelo ina, kompyuta sidziwa. Nambala ya pa kapepala ija ndi yokhayo imene yachokera ku mapepala enieniwo osadzera m'tebulo, choncho ndi imene idzakuuzeni ngati mwataya kanthu panjira.

Pa chitsanzo chimene titsatire mpaka kumapeto, tili ndi mafomu asanu, ndipo kapepala kakuti 5,305. Sindikutchula mtundu wa ndalama, inu muike wa kwanu. Ndachepetsa dala mafomuwo kuti muthe kutsatira nambala iliyonse ndi chala. Mukhale ndi mafomu 5 kapena 300, kachitidwe kake n'kamodzi.

Chachiwiri: mzere umodzi, chinthu chimodzi

Apa ndi pamene chidule chimakhalira chabwino kapena choipa. Munthu akabwera ku ulendo wa ntchito, fomu yake imodzi imakhala ndi zoyendera, malo ogona ndi chakudya. Mukailowetsa ngati mzere umodzi, mudzaiika m'gulu liti? Ndipo ngati malisiti awiri alipo, limodzi palibe, mudzalemba kuti fomuyo ili ndi lisiti kapena ilibe? Yankho lililonse likhala labodza. Choncho chinthu chilichonse chimene munthu analipira chikhale ndi mzere wake, ndipo nambala yake ionetse fomu imene chachokera: F01-1, F01-2, F01-3.

Tsamba la tebuloli litchuleni `Zopempha`, ndipo makolamu ake akhale motere: A nambala ya mzere, B tsiku, C wopempha, D gulu, E ndalama, F wovomereza, G lisiti, H nambala ya lisiti, I chochita. Tsiku likhale la pa lisiti, limene ndalama inagwiritsidwa ntchito, osati limene fomu inafika mu ofesi. Mu kolamu C ndi F ndi bwino kulemba nambala ya wogwira ntchito kapena udindo wake m'kalembedwe kamodzi, chifukwa dzina limodzi anthu amalilemba m'njira zitatu.

Pali zinthu ziwiri zoti musachite m'tebuloli ngakhale zimakopa. Musalumikize timabokosi ndi `Merge & Center` pofuna kuti nambala ya fomu ioneke kamodzi, ndipo musaike mizere ya chiwonkhetso pakati pa mafomu. Chiwonkhetso chapakati choterocho fomula imachitenga ngati ndalama ina, n'kuwerenga fomuyo kawiri. Tsamba ili si loonetsa anthu ayi, ndi nkhokwe chabe. Zokongoletsa zidikire tsamba la chidule.

Mafomu athu asanu atuluka mizere 12. Ndasiya tsiku ndi wopempha kuti tebulo lisatambalale.

| Nambala | Gulu | Ndalama | Wovomereza | Lisiti |
|---|---|---|---|---|
| F01-1 | Mayendedwe | 420 | Wa malonda | Lilipo |
| F01-2 | Malo ogona | 900 | Wa malonda | Lilipo |
| F01-3 | Chakudya | 180 | Wa malonda | Palibe |
| F02-1 | Mayendedwe | 350 | Wa mapulojekiti | Lilipo |
| F02-2 | Malo ogona | 1,200 | Wa mapulojekiti | Losakwanira |
| F02-3 | Chakudya | 240 | Wa mapulojekiti | Lilipo |
| F03-1 | Za mu ofesi | 310 | Wa ofesi | Lilipo |
| F03-2 | Za mu ofesi | 95 | Wa ofesi | Palibe |
| F04-1 | Mayendedwe | 350 | Wa mapulojekiti | Lilipo |
| F04-2 | Chakudya | 60 | Wa mapulojekiti | Losafunika |
| F05-1 | Mayendedwe | 500 | Sanasayine | Palibe |
| F05-2 | Malo ogona | 700 | Sanasayine | Lilipo |

Mukamaliza kulowetsa, phatikizani kolamu E ndipo muyerekeze ndi kapepala kaja.

```
=SUM(Zopempha!E:E)
```

Ikatuluka 5,305, pitirirani. Ikasiyana, imani pomwepo. Kusiyanako kukamagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri ndiye kuti mwasinthanitsa manambala awiri oyandikana: mwalemba 59 m'malo mwa 95, kusiyana kwake 36. Kusiyanako kukafanana ndendende ndi ndalama ya mzere wina, mwina mzerewo mwaudumpha, mwina mwaulowetsa kawiri, mwinanso kompyuta ikuutenga ngati mawu osati nambala. Zomalizazi zimachitika kwambiri mukakopera manambala kuchokera kwina. Nambala yoteroyo imatsamira kumanzere kwa kabokosi pomwe inzake yatsamira kumanja, ndipo `SUM` imaidutsa mwakachetechete. Fomula iyi imawerenga timabokosi tokhala ndi manambala enieni okha, ndiye iyenera kutulutsa 12:

```
=COUNT(Zopempha!E:E)
```

Nthawi zina cholakwa sichikhala chanu. Mwini fomu ndi amene anaphatikiza molakwa m'munsi mwa fomu yake. Zikatero musakonze mobisa. Lembani pa kapepala kaja kuti fomu yakuti yasiyana ndi zakuti, ndipo mudzatchule m'chidule.

Chachitatu: magulu

Musapeke magulu anu. Tengani amene a zachuma amagwiritsa kale ntchito m'mabuku awo ndi mu bajeti, chifukwa akamaliza kuona chidule chanu adzalowetsa ndalamazo m'maakaunti omwewo. Inu mukalemba "Ulendo" pamene iwo ali ndi "Mayendedwe" ndi "Malo ogona" padera, adzayenera kubwerera ku mafomu kukalekanitsa, ndiye kuti ntchito yanu yapita pachabe.

Kuti kalembedwe kasasiyane, tsekani kolamu D ndi mndandanda. Mu Excel sankhani kolamuyo, pitani pa `Data`, kenako `Data Validation`, musankhe `List`, n'kuloza pamene mwalemba magulu anu. Chitaninso chimodzimodzi pa kolamu F ndi G. Chifukwa chake ndi ichi: fomula yophatikiza magulu sisamala za zilembo zazikulu kapena zazing'ono, koma kampata kamodzi kosaoneka kumapeto kwa mawu imakasamala. "Mayendedwe" ndi "Mayendedwe " m'maso mwanu n'zofanana, kwa iyo ndi zinthu ziwiri. Ngati tebulo linalembedwa kale ndi munthu wina, yeretsani mawuwo mu kolamu yapadera ndi `=TRIM(D2)`.

Tsegulani tsamba lina, `Chidule`. Mu kolamu A lembani magulu anayi aja, pambali pake muike mafomula awa, woyamba wa ndalama, wachiwiri wa kuchuluka kwa mizere:

```
=SUMIFS(Zopempha!E:E,Zopempha!D:D,A2)
=COUNTIFS(Zopempha!D:D,A2)
```

Zotuluka: malo ogona 2,800 pa mizere itatu, mayendedwe 1,620 pa mizere inayi, chakudya 480 pa mizere itatu, za mu ofesi 405 pa mizere iwiri. Zonse pamodzi 5,305. Sanjani kuyambira chachikulu, poti diso la woona za chuma limayambira pamene pali ndalama zambiri. Akanakhala kuti F04-1 inalembedwa ndi kampata kaja, mayendedwe akanatuluka 1,270 ndipo chiwonkhetso 4,955. Kusiyana kwa 350 kukanakulozerani pomwe pali vuto.

Gulu la "Zina" liyang'anireni. Limafunika, koma likayamba kukula kuposa magulu enieni ndiye kuti lasanduka dzala lotayamo chilichonse chovuta kuganizira. Ngati lilipo, lembani m'munsi mwa chidule zimene zili mkati mwake, chimodzichimodzi. Lisiti limodzi likakhala ndi zinthu za magulu awiri, monga hotela imene yaphatikiza chipinda ndi chakudya, ligaweni mizere iwiri yokhala ndi nambala ya lisiti imodzi.

Chachinayi: ovomereza

Mu kolamu F mulembe munthu amene siginecha yake ili pa fomu, osati amene amayenera kusayina. Zimenezi zimasokoneza ambiri. Mumadziwa kuti wopemphayo bwana wake ndi wakuti, dzanja n'kulemba lokha dzina la bwanayo, pamene malo osayinapo ali mbee. Ndinachitapo zimenezi kumayambiriro kwa ntchito yanga, ndipo fomu ina inalipidwa popanda wovomereza chifukwa chidule changa chinaonetsa ngati zonse zili m'malo. Chinadziwika patapita miyezi, ofufuza za chuma atasolola fomuyo mufaelo. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana inki yeniyeniyo, kapena chivomerezo cha pa kompyuta ngati ofesi imavomereza motero, ndisanalembe kanthu.

Fomu ikakhala yosasayinidwa, musasiye kabokosi kopanda kanthu. Lembani "Sanasayine", ndipo mawuwo akhale nawo pa mndandanda wa ovomereza m'chidule. Mukasiya mpata, fomula imene ikuphatikiza mayina a ovomereza atatu aja idzaidumpha fomuyo, ndipo fomu imene imafunika kuonedwa koposa zonse ndi imene idzasowe. Fomula yake ndi yomwe ija, mwangosintha kolamu, ndipo ovomereza mwawalemba pa `Chidule` kuyambira pa A10:

```
=SUMIFS(Zopempha!E:E,Zopempha!F:F,A10)
```

Wa mapulojekiti wavomereza 2,200, wa malonda 1,500, wa ofesi 405, ndipo zosasayinidwa ndi 1,200. Pamodzi 5,305 kachiwiri.

Manambala amenewa paokha sanena zambiri. Kuti munthu wavomereza ndalama zochuluka si mlandu, mwina anthu ake ndi amene amayendayenda. Phindu la kolamuyi lili pa mafunso amene imakuthandizani kufunsa. Kodi pali mzere umene wopempha ndi wovomereza ndi munthu mmodzi? Ngati munalemba C ndi F m'kalembedwe kamodzi, `=C2=F2` ikutulutsirani `TRUE` pa mzere woterowo. Zimachitika kawirikawiri ndi akuluakulu a nthambi, amene sadziwa kuti fomu yawo iyenera kukwera kwa wapamwamba pawo. Funso lina, kodi wovomerezayo ali ndi mphamvu pa ndalama yochuluka choncho? Maofesi ambiri amaika malire pa udindo uliwonse. Pezani pepala la malirewo, ndipo muyerekeze ndi chiwonkhetso cha fomu yonse, osati mzere umodzi, pokhapokha malamulo a kwanu atanena zina. Mukaona mafomu awiri a munthu mmodzi, a ulendo umodzi, iliyonse itatsala pang'ono kufika pa malire, tchulani. Yang'ananinso tsiku la siginecha. Siginecha yokhala ndi tsiku la m'mbuyo kuposa la pa lisiti ikutanthauza kuti wovomereza sanaone lisitilo pamene ankasayina.

Chachisanu: malisiti

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pamene zidule zambiri zimanamiza popanda wolemba kufuna kunama. Anthu amalemba "Inde" kapena "Ayi". Mayankho awiriwa ndi ochepa. Ine ndimagwiritsa ntchito anayi.

"Lilipo" ndi pamene lisiti lili pa fomu, likuwerengeka, likuonetsa wogulitsa, tsiku, chimene chinagulidwa ndi ndalama, ndipo ndalamayo ikufanana ndi yopemphedwa. Zonsezi zikwane. "Palibe" n'chodziwikiratu. "Losafunika" ndi pamene malamulo a ofesi amalola kulipira popanda lisiti, monga alawansi yokhazikika ya pa tsiku kapena kanthu kakang'ono kosafika pa malire amene anaikidwa. M'chitsanzo chathu tinene kuti malirewo ndi 75, n'chifukwa chake F04-2 ya 60 yadutsa pamene F03-2 ya 95 yagwidwa. Mukasakaniza zosafunika lisiti ndi zosowa lisiti, mndandanda umatalika ndi zinthu zopanda vuto, ndipo woona za chuma amatopa asanafike pa zenizeni.

Yankho lachinayi, "Losakwanira", ndi limene limagwira zambiri. Taonani F02-2, malo ogona a 1,200, mzere waukulu kuposa yonse. Pa fomuyo pamatidwadi kapepala, ndipo munthu wothamanga angalembe kuti lisiti lilipo. Koma mukakayang'anitsitsa, ndi kapepala kotuluka m'makina olipirira ndi khadi. Kakuonetsa kuti khadi inalipira 1,200 tsiku lakuti, basi. Sikakunena kuti anagona masiku angati, chipinda chinali cha zingati, kapena ngati mkati mwa 1,200 muli zinthu zimene ofesi silipira. Chofunika ndi lisiti la hotela lofotokoza chinthu chimodzichimodzi. M'gulu lomweli muike pepala longonena mtengo katundu asanagulidwe, invoisi yopanda chosonyeza kuti inalipidwa, lisiti limene ndalama yake yasiyana ndi ya pa fomu, lokonzedwa ndi cholembera pa nambala, ndi lofufutika. Malisiti a pepala loterera lija la m'makina amafufutika okha akakhalitsa, makamaka pa dzuwa kapena potentha, choncho mukalandira loterolo likadawerengeka, lijambuleni tsiku lomwelo.

Nthawi iliyonse mukalemba "Losakwanira", lembani chifukwa chake mu kolamu I m'mawu ochepa. Mawa simudzakumbukira, ndipo mwini fomu adzafunsa kuti chavuta n'chiyani poti pepala anapereka.

Kuphatikiza kwake n'komweko, pa kolamu G. Okhala ndi lisiti 3,270 pa mizere isanu ndi iwiri, losakwanira 1,200 pa mzere umodzi, opanda lisiti 775 pa mizere itatu, losafunika 60. Pamodzi 5,305 kachitatu. Tsopano onani kusiyana kumene yankho lachinayi labweretsa. Mukanalemba "Inde" ndi "Ayi", mukanauza mkulu wa zachuma kuti zopanda umboni ndi 775 zokha. Zoona zake ndi 1,975, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse. Perekani zonse ziwiri, kuchuluka kwa mizere ndi ndalama zake, chifukwa mizere khumi ya tindalama tochepa ndi mzere umodzi waukulu ndi mavuto osiyana, ofuna machitidwe osiyana.

Kuti muone malisiti osowa pansi pa wovomereza aliyense, ikani ovomereza chotsika mu kolamu A kuyambira pa A20 ndi mayankho anayi aja chopingasa pamwamba kuyambira pa B19:

```
=SUMIFS(Zopempha!$E:$E,Zopempha!$F:$F,$A20,Zopempha!$G:$G,B$19)
```

Zizindikiro za `$` zikuthandizani kukokera fomulayo kumanja ndi pansi osasokonekera. `PivotTable` imachitanso zomwezi mwachangu: wovomereza mu `Rows`, lisiti mu `Columns`, ndalama mu `Values`. Mungoonetsetsa kuti yalemba `Sum of` osati `Count of`, ndipo mukasintha kanthu m'tebulo mudine `Refresh`, popeza mu Excel kawirikawiri siisintha yokha. Katebulo aka kakuonetsa kuti wa malonda anasayinira 180 yopanda lisiti, wa ofesi 95, wa mapulojekiti 1,200 ya lisiti losakwanira. Mwezi umodzi sungaweruze munthu. Koma dzina lomwelo likamatuluka mwezi ndi mwezi, mkulu wa zachuma adziwa woti alankhule naye, ndipo kulankhula ndi wovomereza mmodzi kumathetsa zambiri kuposa kuthamangitsa opempha khumi.

Chachisanu ndi chimodzi: zobwereza

Lisiti kukhalapo sikutanthauza kuti ndalama iyenera kulipidwa. F02-1 ndi F04-1 onse ndi mayendedwe a 350, onse ali ndi lisiti, onse asayinidwa. M'matebulo atatu aja palibe chimene chikuwaloza. Ikani fomula iyi mu kolamu yapambali pa tsamba la `Zopempha`, muikokere pansi:

```
=COUNTIFS(B:B,B2,C:C,C2,E:E,E2)>1
```

Imafufuza mizere yofanana tsiku, wopempha ndi ndalama. Ikatulutsa `TRUE` musathamangire kunena kuti wina waba, chifukwa munthu akhoza kulipira ndalama yofanana popita ndi pobwera tsiku limodzi. Pitani ku kolamu H. Manambala a malisiti akasiyana, ndi maulendo awiri. M'chitsanzo chathu nambala ndi imodzi: pa F02 pali lisiti lenileni, pa F04 pali fotokope yake. Mzere wachiwiriwo musaufufute, ndipo `Remove Duplicates` musaigwire n'komwe pa tebulo ili. Mukafufuta, chiwonkhetso chisiyana ndi kapepala kaja, komanso mwachotsa umboni. Ingolembani mu kolamu I kuti uimitsidwe. Fomulayi imaona za mwezi uno zokha, choncho lisiti la tsiku lakale likapezeka pa fomu yatsopano, kafufuzeni nambala yake m'matebulo a miyezi yapita.

Chachisanu ndi chiwiri: tsamba lopereka

Mu kolamu I mzere uliwonse ukhale ndi chimodzi mwa ziwiri, "Zakwana" kapena "Imitsani", chifukwa chake chili pambali mu kolamu J. Ngati zifukwa za malisiti munazilemba kale mu I, zisunthireni ku J kuti I ikhale ndi mawu awiriwo okha. Kenako phatikizani kolamu I monga munachitira zinazo.

Pali msampha pano umene umakola ngakhale anthu ozolowera. Munthu amatenga zopanda umboni 1,975, n'kuwonjeza zosasayinidwa 1,200, n'kuwonjezanso zobwereza 350, napeza 3,525. N'zolakwika. F05-1 ya 500 ilibe lisiti komanso sinasayinidwe, ndiye yawerengedwa kawiri. Mukaphatikiza kuchokera ku kolamu I, pamene mzere uliwonse umaoneka kamodzi, zoimitsa ndi 3,025 pa mizere isanu ndi umodzi, zokwana ndi 2,280 pa mizere isanu ndi umodzinso. Ziwirizi pamodzi zikubwerera pa 5,305.

Tsamba lopereka likhale limodzi. Pamwamba pake lembani mwezi, tsiku limene munatsekera kulandira mafomu, ndi ziganizo zitatu kapena zinayi, motere: "Mafomu 5, mizere 12, zonse 5,305. Zokwana 2,280. Zoti ziimitsidwe 3,025: lisiti palibe kapena n'losakwanira pa mizere inayi, fomu F05 sinasayinidwe, F04-1 ikubwereza F02-1." Pansi pake pabwere mndandanda wa mizere yoimitsidwayo, kuyambira yaikulu, uliwonse ndi nambala yake, ndalama, chifukwa, ndi amene ayenera kuchitapo kanthu. Matebulo a magulu, ovomereza ndi malisiti abwere pambuyo. Ambiri amayamba ndi magulu poti ndi ooneka bwino, koma munthu amene ali ndi mphindi zochepa amafuna kuyamba ndi zimene zikudikira chiganizo chake.

M'munsi mwenimweni muike kamzere kotsimikizira kuti mbali zonse zagwirizana. Ngati ziwonkhetso za magulu, ovomereza ndi malisiti zili mu B6, B14 ndi F24, ndipo nambala ya pa kapepala mwailemba mu B30:

```
=AND(ROUND(B6-B30,2)=0,ROUND(B14-B30,2)=0,ROUND(F24-B30,2)=0)
```

Ituluke `TRUE`. `ROUND` ili pamenepo chifukwa manambala okhala ndi tizigawo nthawi zina amasiyana ndi kanthu kakang'ono kosaoneka kamene kamachokera m'kawerengedwe ka kompyuta.

Samalani mawu amene mukulemba pa zifukwa. Lembani zimene mwaona: "nambala ya lisiti ikufanana ndi ya pa F02-1", "kapepala ka khadi kokha, lisiti la hotela palibe". Musalembe "chinyengo" kapena "wanama". Tsambali limadutsa m'manja ambiri, ndipo munthu amene anangosokoneza mapepala akhoza kuipiridwa mbiri chifukwa cha liwu limodzi lanu. Kugamula ndi kwa mkulu wa zachuma. Iye ndi amenenso anene ngati fomu yokhala ndi mzere umodzi wovuta ilipidwe mbali yokwanayo kapena idikire yonse. Maofesi amasiyana pa zimenezi, ndiye funsani kamodzi, mulembe yankholo, muzilitsatira. Ngati lamulo ndi lakuti fomu yonse idikire, m'chitsanzo chathu palibe fomu imene ingalipidwe lero, chifukwa isanu yonseyo ili ndi mzere woimitsidwa, ndipo zimenezo muyenera kuzinena poyera pamwamba pa tsamba.

Ziwiri zina mwachidule. Ngati wopempha analandiriratu ndalama za ulendo asananyamuke, onjezani kolamu yake ndipo muonetse zotsala, apo ayi adzalipidwa kawiri. Ngati ena analipira m'ndalama za dziko lina, kolamu E ikhale ya mtundu umodzi wokha, ndalama yoyambirira ndi mlingo wosinthira zikhale m'makolamu awo.

Mafomu enieniwo muwasanje motsatira manambala, oimitsidwa muwamate kapepala koonekera m'mphepete, kuti mkulu wa zachuma akafuna kuona F02-2 asavundukule mulu wonse. Sungani kope ya faelo imene mwapereka ndi tsiku lake, ndipo musaikhudzenso. Lisiti la hotela lija likabwera sabata yamawa, musinthe mu kope yatsopano: "Losakwanira" likhale "Lilipo", "Imitsani" ikhale "Zakwana", mulembe tsiku limene lafika. Zoimitsidwa zitsika kufika pa 1,825, zokwana zikwera kufika pa 3,480, ndipo mizere isanu yotsalayo idzayambe pamwamba pa chidule cha mwezi wamawa, pagawo lake lapadera, isanasakanikirane ndi mafomu atsopano.